Avereji yosuntha: kudziwa kumene malonda akulowera pamene miyezi ikukwera ndi kutsika

Kumayambiriro kwa Febuluwale azakhali anga anandiitanitsa kugolosale yawo, pa malo ena ochitira malonda m'boma la Kasungu. Ndinawapeza atatsegula kope la malonda pakauntala, chala chili pa mzere womaliza. Anati, "Mwana iwe, taona apa. Disembala ndinagulitsa K3,600,000, Januwale K2,040,000 basi. Bizinesi ikufa iyi." Patapita miyezi isanu, m'sabata yoyamba ya Julayi, ndinawapeza nkhope ili ngwee, chifukwa malonda anali atakwera mwezi ndi mwezi kuyambira Malichi mpaka Juni. Maulendo onse awiri manambala anali olondola, koma maulendo onse awiri anawamva mosemphanitsa. Mu Januwale golosale inali ikukula, ndipo mu Juni inali itayamba kubwerera m'mbuyo. Chimene chinationetsa zimenezi ndi masamu osavuta otchedwa avereji yosuntha.

Vuto la manambala a mwezi ndi mwezi n'lakuti nambala imodzi imasenza zinthu zitatu pamodzi. Muli nyengo, imene imabwereza chaka chilichonse: m'dera la fodya anthu amakhala ndi ndalama m'thumba misika ikatsegulidwa cha mu Epulo, chimanga ndi mtedza zikakololedwa, kenako Khirisimasi, pomwe Januwale ndi Febuluwale ndalama zimakhala zitathera ku feteleza ndi fizi, ndipo m'nkhokwe mumakhala mutapepuka. Muli zongochitika mwangozi, monga mvula ya masiku anayi imene yalepheretsa anthu kubwera kumsika, kapena ukwati umene wagula shuga ndi mafuta ophikira zochuluka. Ndiyeno pansi pa zonsezi pali chimene mwini sitolo akufunadi kudziwa: kodi bizinesi yeniyeniyo ikukwera kapena ikutsika? Chachitatuchi chimayenda pang'onopang'ono, ndipo ziwiri zoyambazo zimachiphimba.

Nawa malonda a golosaleyo a miyezi 18. Ndawasalaza kuti masamu asavute kutsata, ndipo ali m'masauzande a makwacha, kotero 1,800 ndi K1,800,000.

Chaka choyamba: Januwale 1,800, Febuluwale 1,500, Malichi 1,800, Epulo 2,400, Meyi 3,000, Juni 3,300, Julayi 3,000, Ogasiti 2,700, Seputembala 2,400, Okutobala 2,400, Novembala 2,100, Disembala 3,600.

Chaka chachiwiri: Januwale 2,040; Febuluwale 1,740; Malichi 1,920; Epulo 2,400; Meyi 2,760; Juni 2,940.

Avereji wamba tonse timaidziwa kuchokera ku pulayimale: phatikizani manambala, gawani ndi kuchuluka kwake. Yosuntha imasiyana pa chinthu chimodzi chokha. Simutenga miyezi yonse nthawi imodzi, koma mumasankha chiwerengero cha miyezi, tinene itatu, n'kumachisuntha mwezi umodziumodzi. Zili ngati benchi la anthu atatu pa mzere wa kuchipatala: watsopano akakhala kumapeto kuno, amene wakhalitsa kumapeto kwinako amadzuka, ndipo pabenchipo pamakhalabe atatu.

Tiyambe ndi itatuyo. Januwale, Febuluwale ndi Malichi a chaka choyamba akaphatikizidwa ndi 5,100, ndipo kugawa ndi 3 kumatipatsa 1,700. Nambalayi timailemba pa mzere wa Malichi. Epulo akatha, Januwale amadzuka pabenchi, ndiye timaphatikiza 1,500, 1,800 ndi 2,400, zomwe ndi 5,700, avereji 1,900. Tikapitiriza choncho, Meyi amakhala 2,400, Juni 2,900, Julayi 3,100, Ogasiti 3,000, Seputembala 2,700, Okutobala 2,500, Novembala 2,300 ndipo Disembala 2,700.

Pali zinthu ziwiri zoti muone apa. Manambala enieni anayambira pa 1,500 kufika pa 3,600, koma avereji yangoyenda pakati pa 1,700 ndi 3,100. Kumeneko ndiye kusalaza: mwezi wokwera kwambiri umagawana katundu wake ndi anzake awiri. Chachiwiri, malonda enieni a nyengo yokolola anafika pamwamba mu Juni, koma avereji yafika pamwamba mu Julayi. Yachedwa ndi mwezi umodzi, ndipo sikulakwitsa masamu ayi. Avereji ya Meyi, Juni ndi Julayi kwenikweni ikufotokoza za mwezi wapakati, Juni, ngakhale taulemba pa Julayi. Avereji iliyonse yoyang'ana m'mbuyo imachedwa motere, ndipo kuchedwako kumawerengeka: chotsani 1 pa chiwerengero cha miyezi, gawani ndi 2. Ya miyezi 3 imachedwa mwezi umodzi, ya miyezi 12 imachedwa miyezi isanu ndi theka.

Koma avereji ya miyezi itatu sikanayankha funso la azakhali. Phiri la nyengo yokolola likuonekabe, chigwa cha miyezi ya njala chikuonekabe. Choipa kwambiri chimachitika Disembala akamatuluka. Pa Febuluwale wa chaka chachiwiri avereji ndi 2,460, chifukwa 3,600 wa Disembala adakali pabenchi. Pa Malichi imagwa mpaka 1,900, chonsecho malonda a Malichi anaposa a Febuluwale. Munthu wongoyang'ana mzerewo akhoza kuganiza kuti mu Malichi munachitika tsoka, pamene chimene chachitika n'chakuti mwezi waukulu wangodzuka. Phunziro ili ndimalibwereza kwa aliyense amene ndikumuonetsa masamuwa: avereji ikasintha mwadzidzidzi, musangofunsa kuti walowa ndani, funsaninso kuti watuluka ndani.

Yankho lili pa miyezi 12. Mukatenga miyezi 12 yotsatizana, kaya muyambira pati, mkati mwake mumakhala Januwale mmodzi, Juni mmodzi, Disembala mmodzi. Nyengo zonse zimakhalamo kamodzikamodzi, ndiye palibe imene ingakokere avereji kumbali kwake. Ichi n'chifukwa chake pa malonda otsata nyengo za chaka 12 si nambala yongosankha mwachisawawa. Ya miyezi 6 siingathe ntchitoyi, chifukwa nthawi ina imadzaza ndi miyezi ya ndalama, nthawi ina ya njala. Pa chifukwa chomwecho, amene amalemba malonda a tsiku ndi tsiku amagwiritsa ntchito masiku 7, kuti tsiku la msika ndi Lamulungu zizipezekamo kamodzi nthawi zonse.

Chaka choyamba chonse chinapanga 30,000, ndipo kugawa ndi 12 ndi 2,500. Imeneyi ndiyo avereji yoyamba, ya pa Disembala. Januwale wa chaka chachiwiri akalowa ndi 2,040, Januwale wakale amatuluka ndi 1,800. Chiwonkhetso chimakwera ndi 240 kufika 30,240, avereji 2,520. Febuluwale amalowa ndi 1,740 n'kutulutsa 1,500, avereji 2,540. Malichi 2,550. Epulo 2,550, osasuntha, popeza 2,400 walowa ndipo 2,400 watuluka. Meyi amalowa ndi 2,760 n'kutulutsa 3,000, avereji 2,530. Juni amalowa ndi 2,940 n'kutulutsa 3,300, ndipo tabwerera pa 2,500.

Tsopano ikani mizere iwiriyi pamodzi. Pamene azakhali ankadandaula za Januwale, avereji inali ikukwera kuchoka pa 2,500 kupita pa 2,520, chifukwa Januwale wawo woipayo anali wabwino kuposa wa chaka chatha. Pamene ankasangalala ndi malonda a Juni, avereji inali itatsika miyezi iwiri yotsatizana. Malonda anakweradi kuchoka mu Epulo kufika mu Juni, koma anakwera mochepa poyerekeza ndi mmene nyengo ya fodya imawakwezera.

Mwina mwaona kale njira yachidule. Simufunika kuphatikizanso miyezi yonse 12 mwezi uliwonse. Tengani mwezi watsopano, chotsanipo mwezi womwewo wa chaka chatha, gawani ndi 12, ndipo zotsatirazo muziwonjezere pa avereji yapitayo. Pa Juni, 2,940 kuchotsa 3,300 kumasiya kuperewera kwa 360, kugawa ndi 12 ndi 30, ndipo 2,530 kuchotsa 30 ndi 2,500. Munthu wa kope ndi kakyuleta ya pafoni amamaliza zimenezi madzi a tiyi asanawire. Njirayi imaululanso mtima wa nkhani yonse: avereji ya miyezi 12 imakwera pokhapokha mwezi uno ukaposa mnzake wa chaka chatha.

N'chifukwa chake ine ndimakonda kulemba kusiyanako pambali pa avereji. Pa golosaleyi kunali kowonjezera 240, 240, 120, kenako 0, kenako koperewera 240 ndi 360. Mukawerenga mzere umenewu, mumaona kuti mphepo inayamba kutembenuka mu Malichi, pamene avereji inali isanatsike n'komwe. Avereji yokwera koma yokwera mochepa mwezi uliwonse ndi chenjezo loyamba, ndipo ambiri amalidumpha chifukwa amangoona kuti mzere udakali pamwamba.

Kuchedwa kwa avereji ya miyezi 12 si nkhani yaing'ono, ndipo ndi mtengo umene mumalipira pofuna mzere wosalala. Tiyerekeze sitolo yopanda nyengo imene imagulitsa 2,500 mwezi uliwonse, kenako mlatho wakokoloka, makasitomala a tsidya lina asiya kubwera, malonda agwera pa 1,900 n'kukhazikika pamenepo. Avereji ya miyezi 3 idzatsika ndi 200 pamwezi ndipo pakutha pa miyezi itatu idzakhala itanena zoona zonse. Ya miyezi 12 idzatsika ndi 50 yokha pamwezi. Patatha miyezi itatu idzakhala ikuonetsabe 2,350, ndipo idzafika pa 1,900 chaka chitatha. Mwini sitolo wodalira mzere umenewo wokha akhoza kupitiriza kuoda katundu wambiri ndi kulipira antchito ngati kale kwa miyezi ingapo. Choncho palibe chiwerengero chimodzi chabwino pa zonse. Yaifupi imamva msanga koma imanyengedwa ndi nyengo, yaitali sinyengedwa ndi nyengo koma imamva mochedwa. Pa sitolo ngati ya azakhali ndimasunga zonse ziwiri, ndipo ya miyezi itatu ndimaiyerekeza ndi inzake ya miyezi yomweyo chaka chatha. Epulo mpaka Juni wa chaka chachiwiri ndi 2,700, pomwe wa chaka choyamba anali 2,900. Kutsika kwa 200 kumeneko kukumveka bwino kusiyana ndi kutsetsereka kwapang'ono kwa mzere wa miyezi 12.

Nanga ndi liti pamene tinganene kuti kutsika n'kwenikweni? Palibe lamulo la masamu lodula mlandu pamenepa. Mwezi umodzi sindimauwerengera. Miyezi iwiri yotsatizana, makamaka kuperewerako kukamakula ngati kuchoka pa 240 kufika pa 360, imandituma kukafufuza. Itatu ndimayamba kusintha kaodedwe ka katundu.

Amene ali ndi kompyuta kapena foni yamakono akhoza kuchita zonsezi mu Excel kapena Google Sheets. Ikani mayina a miyezi mu A ndi malonda mu B, mitu pa mzere woyamba, kuti Januwale wa chaka choyamba akhale pa B2. Mu C4 lembani:

```
=AVERAGE(B2:B4)
```

Mu D13, pa mzere wa Disembala, lembani:

```
=AVERAGE(B2:B13)
```

Kenako kokerani chilichonse kutsika nacho, ndipo manambala a mizere azisuntha okha. Mabokosi a pamwamba pa C4 ndi D13 asiyeni opanda kanthu, chifukwa miyezi sinakwane, ndipo avereji ya miyezi isanu yoikidwa pa mzere wa miyezi 12 ndi bodza. Musaike chizindikiro cha `$` pa manambala a mizere, monga `$B$2:$B$13`, chifukwa chimamangirira miyeziyo malo amodzi ndipo mudzangoona 2,500 mpaka pansi. Dziwaninso kuti `AVERAGE` imadumpha bokosi lopanda kanthu koma imawerengera bokosi lolembedwa 0. Mukaiwala kulemba mwezi umodzi, imagawa ndi 11 mwakachetechete osakuchenjezani. Pa galafu ya mu Excel mulinso `Trendline`, pomwe mungasankhe `Moving Average` n'kulemba chiwerengero cha miyezi pa `Period`. Mzere umene umatuluka ndi woyang'ana m'mbuyo womwewu, wochedwa chimodzimodzi.

Tsopano chimene chimasokoneza kwambiri masamuwa kuno kwathu: kukwera kwa mitengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wa sitolo akukumbukira mmene ankasinthira mitengo pashelefu. Avereji yosuntha sidziwa kusiyanitsa kugulitsa katundu wambiri ndi kugulitsa katundu yemweyo modula. Tiyerekeze munkagulitsa mapaketi 1,000 a shuga pa K1,500, ndiye K1,500,000. Mtengo wakwera kufika K2,200, anthu achepetsa kugula, mwagulitsa mapaketi 800, ndiye K1,760,000. M'kope ndalama zakwera ndi K260,000, koma paketi imodzi pa asanu alionse yasiya kutuluka. Ndipo popeza miyezi ya mitengo yatsopano imalowa umodziumodzi m'malo mwa ya mitengo yakale, avereji ya miyezi 12 idzakwera bwinobwino chaka chathunthu, kuoneka ngati bizinesi yathanzi. Mankhwala osavuta ndi kusankha katundu wamkulu watatu kapena anayi, monga shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere, n'kuwerengera avereji yosuntha ya mabelo, makatoni ndi malita m'malo mwa makwacha. Mzere wa ndalama ukamakwera pamene wa katundu ukutsika, yankho mwalipeza. Ofuna kukhalabe pa ndalama akhoza kuzigawa ndi mlozo wa mitengo ya zinthu umene ofesi ya boma ya kalembera ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse, ngakhale mlozowo umaphatikiza zinthu zambiri zimene sizili pashelefu yanu. Pa nkhani ya azakhali, izi zikutanthauza kuti kukwera kochoka pa 2,500 kufika pa 2,550 kunali kwa 2 peresenti yokha. M'chaka chimene mitengo yakwera kuposa pamenepo, kumeneko sikukula n'komwe. Tinakhulupirira kuti Januwale anali wabwinodi titaona kuti mabelo a shuga otuluka anaposanso a Januwale wa chaka chatha.

Oda yaikulu ya kamodzi imasiyanso chizindikiro chake. Wina akagula katundu wa K1,200,000 wa chinkhoswe kapena wa msonkhano wa mpingo, avereji ya miyezi 12 imadumpha ndi 100, imakhala pamwambapo miyezi 12 yathunthu, kenako imagwa ndi 100 pa mwezi umene palibe choipa chachitika. Mukaona mzere wooneka ngati sitepe, wokwera kamodzi, wathyathyathya, wotsika kamodzi patatha chaka chenicheni, pitani m'kope mukapeze oda imeneyo. Ndi bwino kuilemba padera isanalowe mu avereji. Katundu wa pangongole nayenso afunika lamulo limodzi losasintha, kumulemba tsiku lotuluka kapena tsiku lolipidwa, chifukwa mukasakaniza, ngongole za Febuluwale zobwezedwa fodya atagulitsidwa zimakometsa Meyi ndi kuipitsa Febuluwale.

Cholakwika china chimene ndachionapo kangapo ndi kuoda katundu wa mwezi wamawa potengera avereji. Kumapeto kwa Disembala avereji ya miyezi itatu inali 2,700 ndipo ya miyezi 12 inali 2,500, koma Januwale anagulitsa 2,040. Wooda buledi, majarini ndi mkaka potengera 2,700 akanataya ndalama. Avereji yachotsa nyengo dala, ndiye pokonzekera mwezi winawake muyenera kuibwezeretsa. Njira yake ndi kuika avereji pakati pa miyezi yake, osati kumapeto. Pa miyezi 12 pakati pamagwera pamalire a miyezi iwiri, choncho timatenga ma avereji awiri otsatizana n'kupeza avereji yawo. Wa Juni mpaka Meyi ndi 2,530, wa Julayi mpaka Juni ndi 2,500, pakati pawo ndi 2,515, ndipo nambalayi ndi ya Disembala. Mukagawa 3,600 ndi 2,515 mumapeza pafupifupi 1.43, kutanthauza kuti Disembala ameneyo anaposa mwezi wamba ndi 43 peresenti. Mukakhala ndi makope a zaka zitatu kapena kuposerapo, mwezi uliwonse umakhala ndi nambala yake yotere imene mungachulukitse ndi avereji yatsopano. Ya chaka chimodzi chokha musaidalire kwambiri, popeza chaka cha chilala ndi chaka cha zokolola zambiri sizipatsa Juni wofanana. Ndipo avereji yoikidwa pakatiyi siingawerengedwe pa miyezi isanu ndi umodzi yomaliza, kotero ndi yophunzirira nyengo, si yoonera zimene zikuchitika lero.

Avereji inatiuza kuti china chake chinasintha cha mu Malichi ndi Epulo, koma sinatiuze kuti n'chiyani. Chimenecho tinachipeza titakhala pansi ndi kope Lamulungu masana, sitolo itatsekedwa, n'kugawa malonda pawiri: ogula kamodzikamodzi pakauntala, ndi eni maokala a m'midzi amene amabwera panjinga kudzatenga mabelo ndi makatoni. Mbali ya pakauntala inali bwinobwino, inkaposa ya chaka chatha mwezi uliwonse. Kuperewera konse kunali kwa a maokala. Azakhali anayendetsa chala pa mayina, n'kuima. "Awa atatu sindinawaone chiyambire Isitala," anatero. Mu Malichi munali mutatsegulidwa sitolo ya maoda pafupi ndi siteji ya mabasi, ndipo khamu la ogula a nyengo ya fodya linali litabisa kusowa kwa anthu amenewo. Kuyambira mwezi umenewo kope lawo lili ndi mizere iwiri ya avereji ya miyezi 12, wina wa pakauntala ndi wina wa maoda, ndipo pambali pa uliwonse amalemba kusiyana kwa mwezi uno ndi mwezi womwewo wa chaka chatha.